Maadiveti a ntchito akale angakuuzeni luso loti muphunzire, bola muwawerenge bwino

*"Ndagwira ntchito ya akaunti zaka 6 tsopano, ndine wothandizira akauntanti. Aliyense akundiuza zakezake, wina akuti phunzira Power BI, wina akuti SAP, wina akuti Excel yomwe ukudziwayo yakwana. Mnzanga wina anati ndiziona maadiveti a ntchito a zaka zingapo kuti ndidziwe zomwe olemba ntchito akufuna kwambiri masiku ano. Koma ndiyambira pati, nanga ndidziwa bwanji kuti zomwe ndikuonazo ndi zenizeni? Ndalama ya kosi ndili nayo ya imodzi yokha."*

Achemwali, mnzanuyo wakuuzani zoona, koma pali njira yake, chifukwa mukangoti muziwerenga maadiveti ngati mmene timawerengera tikamasaka ntchito, maso amangogwera pa zomwe mumaziopa kale. Munthu amene wamva kuti SAP ndiye yavuta, akaiona mu adiveti imodzi amaikumbukira sabata yonse, pomwe maadiveti 10 omwe sanaitchule n'komwe wawaiwala pompo. Ndiye apa tikufunika kulemba ndi kuwerengera, osadalira mutu ayi.

Choyamba musankhe ntchito imodzi, ndipo ndikuti imodzi yeniyeni. Osati "za akaunti" chifukwa mmenemo muli wolowetsa mainvoisi, muli odita, muli wa zamisonkho, muli bwana wamkulu wa zachuma, ndipo anthu amenewa safunsidwa zinthu zofanana. Mukawasakaniza, chaka china mupeza maadiveti ambiri a mabwana, chaka china ambiri a ongoyamba kumene, ndiye muziona ngati luso lina lakwera pomwe chasintha ndi mtundu wa maadiveti omwe mwatola basi. Kwa inuyo ine ndinganene kuti mutenge ntchito yomwe mukufuna kukhalapo zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, tinene akauntanti wathunthu, omwe amati akhale ndi ekisipiriyensi ya zaka 3 mpaka 7. Dzina la ntchito lisakupusitseni, kampani ina imati akauntanti, ina imati ofisala wa zachuma, koma mukawerenga zochita zake n'zimodzimodzi. Muziyang'ana zaka zomwe akufuna ndi zochita, dzinalo ndi chovala chabe.

Nanga akalewo muwapeza kuti, poti adiveti ikatsekedwa amaichotsa? Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera ulesi koma zotheka ndithu. Pali Wayback Machine ya Internet Archive, pa web.archive.org, yomwe yakhala ikusunga zithunzi za mawebusaiti kuyambira 1996. Mumalemba adiresi ya tsamba la ntchito, kaya la kampani kaya la webusaiti yotsatsa ntchito, imakubweretserani kalendala yoonetsa masiku omwe inasunga tsambalo, inu n'kusankha chaka. Vuto lake ndi loti nthawi zambiri imasunga mndandanda wa ntchito koma mukadina pa ntchito imodzi kuti muwerenge zonse, tsambalo palibe. Masamba ofuna kulowa ndi pasiwedi sawasunga, ndipo ena amatsegula opanda kanthu. Ndiye musataye mtima mukadina kasanu n'kupeza imodzi yokha, ndi mmene zimakhalira. Mabungwe akuluakulu amakonda kuika maadiveti awo ngati PDF, ndipo mafayilo amenewa amakhalitsa pa intaneti ngakhale ntchito inatsekedwa kalekale. Pa Google mukhoza kuwasaka chonchi:

```
"accountant" vacancy filetype:pdf after:2018-01-01 before:2018-12-31
```

Koma deti lomwe Google imapereka nthawi zina limakhala lolakwika, ndiye muzitsegula fayiloyo n'kuona tsiku lotsekera lomwe linalembedwa mkatimo, limenelo ndiye deti lanu. Kwina koyang'ana ndi imelo yanu yomwe, ngati munalembetsapo kuti azikutumizirani mauthenga a ntchito, ali momwemo onse simunawafufute. Magulu akale a pa WhatsApp nawonso, nyuzipepala zakale ku laibulale, ndi magazini a bungwe la akatswiri a ntchito yanu. Chinthu chimodzi choti musamale, yesetsani kuti gwero likhale lofanana zaka zonse. Mukatenga a 2018 m'nyuzipepala, a 2024 n'kutenga pa LinkedIn, mwasokoneza kale, chifukwa adiveti ya m'nyuzipepala amalipira malo ndiye amaifupikitsa, pomwe ya pa intaneti amalemba mpaka atatopa. Luso lililonse lizioneka ngati lakwera, chonsecho ndi adiveti chabe yomwe yatalika.

Simukufunika chaka chilichonse. Tengani zaka zitatu zotalikirana, mwachitsanzo 2018, 2021 ndi 2024, ndipo chaka chilichonse mupeze maadiveti osachepera 30. Zaka ziwiri zokha sizikwana, chifukwa pa madontho awiri chilichonse chimaoneka ngati chikukwera kapena kutsika, dontho lachitatu ndi lomwe limakuuzani ngati njirayo ikupitirira.

Kenako tsegulani Excel yanu ija. Mzere uliwonse ndi adiveti imodzi. Kolamu A chaka, B dzina la wolemba ntchito, C dzina la ntchito, D zaka za ekisipiriyensi zomwe akufuna, ndiye kuyambira E kupita kumanja luso lililonse likhale ndi kolamu yake, E ya Excel, F ya Power BI, G ya SAP, choncho choncho. Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ngati muiwale zina zonse ichi chokha musaiwale. Musamangolemba kuti lusolo lilipo kapena palibe. Muzilemba 0 ngati silinatchulidwe, 1 ngati latchulidwa ngati chongowonjezera, muja amalemba "added advantage" kapena "desirable", ndi 2 ngati ndi lokakamiza, muja amalemba "required", "essential" kapena "must have". Ngati sanagawe chonchi koma lusolo lili m'gawo la zochita za tsiku ndi tsiku, limenelo ndi 2, chifukwa sangakupatseni ntchito yoti muzipanga lipoti mu pulogalamu yomwe simukuidziwa.

Ndipo muwerenge nokha ndi maso, adiveti iliyonse. Ndikudziwa pabwera chiyeso choti mungosaka mawu ndi Ctrl+F kuti zithe msanga, koma mukasaka "excel" kompyuta ikuwerengerani "excellent" yense wa mu "excellent communication skills", ndipo mukasaka "erp" ikupatsani "interpersonal" ndi "enterprise". Ndaonapo munthu akubwera ndi chiwerengero choti pafupifupi adiveti iliyonse ikufuna ERP, masisitemu oyendetsera kampani yonse ngati SAP, titafufuza tinapeza kuti ndi mawu amenewa omwe anamunamiza. Maadiveti 100 kapena kupitirira pang'ono, pa mphindi zisanu iliyonse, ndi ntchito ya maola 10 kapena kuchepera, mukhoza kuigawa madzulo angapo.

Tiyeni tiyerekeze kuti mwamaliza, manambala awa ndangopanga kuti tione kawerengedwe kake, anu adzakhala ena. Mwapeza maadiveti 30 a 2018, 45 a 2021, ndi 60 a 2024.

Excel yatchulidwa mu 24, kenako 36, kenako 45. Mukangoona chonchi mukhoza kunena kuti eee Excel ikufunidwa kwambiri tsopano, kuchoka pa 24 kufika pa 45. Koma gawani ndi maadiveti onse a chaka chimenecho. 24 pa 30 ndi 80 peresenti, 36 pa 45 ndi 80 peresenti yomweyo, 45 pa 60 ndi 75 peresenti. Palibe chomwe chakwera, maadiveti omwe munatola ndi omwe achuluka. Maadiveti atsopano sasowa ngati akale, ndiye chiwerengero cha chaka chaposachedwa chimakhala chachikulu nthawi zambiri, n'chifukwa chake timayang'ana gawo osati chiwerengero. Fomula yake, pa kolamu F mwachitsanzo, ndi iyi:

```
=COUNTIFS(A:A,2024,F:F,">0")/COUNTIF(A:A,2024)
```

Pa makompyuta ena pamafunika `;` m'malo mwa `,` ndiye ikakana mungosintha pamenepo.

Tsopano Power BI. Tinene 1 pa 30, kenako 6 pa 45, kenako 15 pa 60. Ndiye kuti pafupifupi 3 peresenti, 13 peresenti, 25 peresenti. Uku ndiye kukwera, ndipo kwakwera kawiri motsatizana. Komabe ine sindikanalipira kosi pa chifukwa chimenechi chokha. Ndikanayang'ana ma 1 ndi ma 2 aja kaye. Tinene mu 2021, pa 6 aja, imodzi yokha ndi yomwe inati ndi lokakamiza, enawo ankangoti zingakhale bwino mutadziwa. Mu 2024, pa 15 aja, 8 akuti popanda limeneli musavutike n'kuapulaya komwe. Fomula yopezera gawo la ma 2 pa maadiveti omwe atchula lusolo ndi iyi:

```
=COUNTIFS(A:A,2024,F:F,2)/COUNTIFS(A:A,2024,F:F,">0")
```

Kusamuka kumeneku, kuchoka ku chongowonjezera kupita ku chokakamiza, ndi chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kuposa china chilichonse, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kulemba luso pansi pa zongowonjezera sikumutayitsa kanthu wolemba ntchito, akhoza kuikapo chilichonse chomwe anamva ku msonkhano kapena anaona mu adiveti ya kampani ina. Koma akaliika pa zokakamiza akudzichepetsera yekha anthu oti asankhepo, mwinanso akuyenera kulipira zambiri, ndiye sachita zimenezi pokhapokha ntchitoyo siingayende popanda lusolo, komanso akudziwa kuti anthu olidziwa alipo okwanira. Luso lomwe lakhala pa 1 kwa zaka 6 osasuntha ndi lokongoletsera adiveti basi, ngakhale litamatchulidwa kawirikawiri.

Kolamu D ija nayo ili ndi nkhani yake. Onani kuti maadiveti omwe akufuna lusolo akufuna zaka zingati za ekisipiriyensi. Luso latsopano nthawi zambiri limayambira kumtunda, kwa munthu wa zaka 7 amene adzayambitse zinthuzo pa ofesi, kenako limatsika mpaka amayamba kulifuna ngakhale kwa wa zaka 3. Mukaona mu 2021 linali pa maadiveti a zaka 6 ndi 7 okha, mu 2024 lafika pa a zaka 3 ndi 4, dziwani kuti lasanduka ntchito ya aliyense, ndipo posachedwa lifika pa mpando womwe mwakhalapo inuwo.

Tibwere ku SAP. Tinene 2 pa 30, 3 pa 45, kenako 12 pa 60. Pafupifupi 7 peresenti, 7 peresenti, kenako 20 peresenti. Zikuoneka zochititsa mantha eti? Koma sanjani mizere ya 2024 potsata kolamu B muone. Mukupeza kuti pa 12 aja, 9 achokera ku kampani imodzi, yomwe mwina chaka chimenecho imaika sisitemu yatsopano ndiye imalemba anthu ambiri nthawi imodzi, kapenanso ndi adiveti imodzi yomwe anaibwereza katatu chifukwa sanapeze munthu. Olemba ntchito osiyana alipo 4 okha. Pomwe ma 15 a Power BI aja, tinene achokera kwa olemba ntchito 11 osiyanasiyana, wina wa zomangamanga, wina wa zaumoyo, wina wogulitsa katundu. Ndiye lamulo langa ndi loti wolemba ntchito mmodzi aziwerengedwa kamodzi pa chaka pa ntchito yofanana, ndipo adiveti yobwerezedwa muziichotsa musanayambe n'komwe kuwerengera. Sindikuti SAP ndi yopanda ntchito, ayi, ngati cholinga chanu ndi kukalowa ku kampani yaikulu ngati imeneyo muifuna ndithu. Koma funso lanu linali la ntchito yonse ya akaunti, ndipo pamenepo ma 12 aja akunama.

Pali mtundu wina wa kukwera womwe umapusitsa anthu, womwe umabwera ndi lamulo latsopano. Mu akaunti mumadziwa kuti IFRS 9 inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, ndipo IFRS 16 ya zinthu zochita lendi inayamba pa 1 Januwale 2019. Nthawi yomwe lamulo lotere likuyandikira, makampani amafuna munthu woti awasamutse kuchoka ku njira yakale, ndiye dzina la lamulolo limaoneka mu maadiveti, koma kusamukako kukatha limayamba kuzimiririka. Mu chitsanzo chathu mukhoza kupeza IFRS 16 pa 6 mwa 30 mu 2018, 5 mwa 45 mu 2021, 3 mwa 60 mu 2024. Munthu amene anayerekeza 2015 ndi 2018 zokha akanati ili ndiye luso la mtsogolo, n'chifukwa chake ndinati madontho atatu. Mukaona chinthu chalumpha mwadzidzidzi dzifunseni kuti chinachitika n'chiyani chaka chimenecho. Ngati yankho ndi tsiku lomwe lamulo linayamba, kukwerako kuli ndi malire ake.

Koma apa pakubwera chinthu chovuta pang'ono, ndipo ndikufuna muchimvetse chifukwa chimakhudza Excel yanu. Luso likamatsika mu maadiveti sizitanthauza kuti latha ntchito. Nthawi zambiri limatsika chifukwa aliyense akuyembekezeka kulidziwa, moti kulilemba n'kutaya malo. Kale maadiveti ankalemba kuti munthu adziwe kutumiza imelo kapena kutaipa pa kompyuta, lero salemba, koma pitani mukanene pa intavyu kuti imelo simuidziwa muone. IFRS 16 ija ndi chimodzimodzi, lamulolo likugwirabe ntchito, kungoti lalowa m'gulu la zomwe akauntanti aliyense amayenera kudziwa. Izi n'zosiyana ndi Lotus 1-2-3, pulogalamu yakale ya masipuredishiti, yomwe inasowa mu maadiveti chifukwa anthu anasiyadi kuigwiritsa ntchito. Kusiyanitsa kwake, werengani gawo la zochita. Ngati dzina lasowa koma ntchito yomwe imachitika ndi chida chimenecho ikadalipo, ndipo palibe chida china chomwe chatenga malo ake, lusolo langolowa pansi, silinafe. Excel yochoka pa 80 kufika pa 75 peresenti siikufa. Chomwe ndingakuuzeni n'choti muone mawu omwe ali pafupi nayo. Ngati mu 2018 ankangoti Excel basi, mu 2024 akutchula "pivot tables" ndi Power Query, ndiye kuti dzina silinasinthe koma mlingo wakwera, ndipo zimenezi manambala a kolamu E sangakuonetseni pokhapokha mutatsegula kolamu ina ya Excel yapamwamba.

Mayina nawo amasintha, ndipo izi zimagwetsa ambiri. Pulogalamu yomwe akale ankaitcha Navision inadzakhala Microsoft Dynamics NAV, ndipo mu 2018 Microsoft inatulutsa Dynamics 365 Business Central yomwe ndi yolowa m'malo mwake. Mukazipatsa makolamu atatu osiyana muona china chikufa china chikubadwa, chonsecho ndi banja limodzi. SAP nayo, akale azilemba ECC kapena R/3, atsopano azilemba S/4HANA yomwe inatuluka mu 2015. Komanso muzidziwa zaka za chida chomwe mukuwerengera. Power BI mmene tikuidziwira lero inatuluka mu 2015, ndiye kuipeza pa 0 mu maadiveti a 2014 si nkhani, ndipo chida chilichonse chatsopano chimaoneka ngati chikuthamanga kwambiri chifukwa chikuchokera pa 0.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mukamaliza makolamu a mayina, muwonjezere makolamu a mabanja. Power BI, Tableau, Power Query, SQL, ngakhale adiveti yomwe sinatchule chida chilichonse koma ikuti munthuyo azipanga madashibodi a mabwana mwezi uliwonse, zonsezi ndi banja limodzi, kutenga deta yosokonekera, kuikonza, n'kuionetsa mwanjira yoti bwana apange nayo chiganizo. Mukhoza kupeza kuti Power BI payokha ili pa 25 peresenti koma banja lonse lili pa 40 peresenti, ndipo linali pa 10 peresenti mu 2018. Zikatero chomwe chikufunidwa ndi ntchitoyo, chida ndi njira chabe yoichitira, ndipo mukaphunzira chimodzi bwinobwino kusamukira ku chinzake sikuvuta kwambiri. Kunena zoona gawo la zochita limandiuza zambiri kuposa mndandanda wa zofunika. Mndandanda wa zofunika nthawi zambiri amangokopera ku adiveti yakale, ena mpaka mumapeza chiganizo chomwecho ndi kulakwitsa komweko kwa sipelo patatha zaka 5, pomwe zochita amalemba ndi bwana wa dipatimenti amene akudziwa chomwe chikumupweteka mutu. Muziona mawu ochita. Ngati "kulowetsa" ndi "kusunga" akuchepa, pomwe "kufufuza chifukwa", "kulosera" ndi "kufotokozera mabwana" akuchuluka, ntchito ikusuntha kuchoka pa kulemba manambala kupita pa kuwamasulira.

Mawu ngati kugwira ntchito ndi anzanu, kulankhula bwino, kupirira pa ntchito yothina, amenewo musataye nawo nthawi, ali paliponse chaka chilichonse.

Tsopano za kuchepa kwa manambala, chifukwa sindikufuna mukhulupirire sipuredishiti yanu mopitirira muyeso. Pa maadiveti 30, adiveti imodzi yokha ndi 3 peresenti ndi kadontho. Atatu okha atasintha, mwasuntha kale ndi 10 peresenti. Mwa masamu ake, gawo la 20 kapena 25 peresenti lochokera pa maadiveti 30 likhoza kuphonya ndi pafupifupi 15 kumtunda kapena kumunsi, mwangozi chabe ya maadiveti omwe munakumana nawo. Ndiye kuchoka pa 20 kufika pa 27 peresenti musakutenge ngati nkhani. Kuchoka pa 3 kufika pa 25, kudutsira pa 13 pakati, kwa olemba ntchito osiyanasiyana, ma 1 akusanduka ma 2, pamenepo zizindikiro zinayi zikuloza kumodzi ndipo n'zovuta kuti zonse zikhale mwangozi. Ndi kugwirizana kwa zizindikiroko komwe kumandipatsa mtima, osati kukula kwa nambala imodzi.

Palinso zomwe maadiveti sangakuuzeni ngakhale mutatola 500. Ntchito zambiri sizitsatsidwa, amangokweza munthu wa mkati kapena kuitana wodziwika, ndipo makampani ang'onoang'ono satsatsa kawirikawiri ngati akuluakulu, ndiye chithunzi chanu chimapendekera ku mabungwe akuluakulu. Adiveti imabweranso mochedwa, pofika poti luso lilembedwe pa zokakamiza ndiye kuti m'maofesi layamba kale kugwiritsidwa ntchito. Ndipo adiveti imakuuzani za ofuna okha, siikuuzani kuti anthu olidziwa lusolo achuluka bwanji. Kachizindikiro kamodzi komwe kamathandiza ndi maadiveti obwerezedwa omwe ndinati muwachotse aja. Musawataye, asungeni pa tsamba lina. Ntchito yomwe yatsatsidwa kawiri katatu m'miyezi yochepa mwina ikusowa munthu, ndipo ngati maadiveti oterewa akufanana pa luso limodzi lokakamiza, n'kutheka kuti olidziwa ndi ochepa. Ndikuti n'kutheka chifukwa nthawi zina vuto limakhala malipiro ochepa.

Ndiye musanalipire kosi, tengani maluso awiri kapena atatu omwe atuluka pamwamba mukawaonetse kwa anthu awiri kapena atatu amene amakhala nawo pa intavyu za akauntanti. Musawafunse kuti ndiphunzire chiyani, funso limenelo ndi lomwe lakubweretserani mayankho osiyanasiyana aja. Afunseni kuti, munthu womaliza amene munamulemba, munamuyesa chiyani pa kompyuta? Nanga alipo amene munamusiya chifukwa chosadziwa ichi? Ngati akuti timalemba Power BI mu adiveti koma pa intavyu timangopereka fayilo ya Excel yosokonekera kuti munthu aikonze, mwadziwa kale poyambira, ndipo mwina simukufunikanso kulipira kalikonse chifukwa Power Query ili kale mkati mwa Excel kuyambira ya 2016, pa tabu ya Data. Zikanakhala kuti manambala anu atuluka ngati a chitsanzo changa, ine ndikanayamba ndi imeneyo kwa mwezi umodzi kapena iwiri pogwiritsa ntchito malipoti omwe mumapanga kale ku ntchito, kenako ndalama ija n'kuiika pa Power BI, chifukwa Power Query yomweyo ndi yomwe imakonza deta mkati mwa Power BI, ndiye mumalowa mu kosi theka la ntchito mukulidziwa kale. SAP ndikanaisiya kaye mpaka nditadziwa kuti ndikulowera ku kampani yomwe imaigwiritsa ntchito, popezanso ndi yovuta kuiphunzira bwino ngati mulibe sisitemu yoti muziyeserapo tsiku ndi tsiku. Koma manambala anu akatuluka mosiyana, tsatirani anuwo.

Ndipo kuyambira lero muzisunga maadiveti atsopano nokha kuti chaka chamawa musadzavutikenso ndi Wayback Machine. Musamasunge linki, imafa, ndipo sikilinishoti ndi yovuta kusakamo mawu. Muzisunga tsamba lonse ngati PDF, mu foda imodzi, dzina la fayilo liziyamba ndi deti chonchi `2025-03-14_kampani_akauntanti.pdf` kuti azisanjika okha. Muzitola m'miyezi yofanana chaka chilichonse, chifukwa ntchito za akaunti zimatsatira nyengo, pafupi ndi kutseka mabuku a chaka kapena nthawi ya odita maadiveti amatsindika zina zomwe miyezi ina satsindika. Ndipo muzisunga onse a mlingo womwe munasankha uja, ngakhale omwe simukufuna kuapulaya, makamaka omwe mwawaona n'kunena kuti apa sindingakwanitse.